Chipika Chobisika M'khoma ndi Lamulo la Zingwe Ziwiri

M'buku lina lakale la masamu la ku Tchaina, lomwe dzina lake limatanthauza Mitu Isanu ndi Inayi ya Luso la Masamu, muli funso lomwe kalipentala aliyense angalimve msanga. Chipika chobulungira chakwiririka m'khoma, ndipo chikungoonekera pang'ono. Palibe akudziwa kunenepa kwake. Munthu watenga sowo nachicheka. Sowoyo yalowa tsuni imodzi, ndipo mzere womwe yasiya ndi wotalika matsuni 10. Tsuni unali muyezo wawo, wopitirira pang'ono masentimita awiri. Funso ndi lakuti: chipikacho ndi chonenepa bwanji?

Yankho la m'bukumo ndi matsuni 26, ndipo limapezeka popanda kugumula khoma. Theka la mzere wa sowo ndi 5. Kuchulukitsa 5 ndi 5 kumapereka 25. Kugawa 25 ndi kuya kwa sowo, komwe ndi 1, kumasiya 25 yemweyo, ndipo kuphatikizapo 1 uja kumafikitsa pa 26. Bukuli lakhalapo zaka pafupifupi 2,000, ndipo katswiri wina dzina lake Liu Hui analilembera ndemanga m'chaka cha 263. Chomwe chimachititsa kuti njirayi igwire ntchito ndi lamulo limodzi la mkombero, lomwe ana asukulu za sekondale ambiri amaliloweza pokonzekera mayeso kenako n'kuliiwala, pomwe likanawathandiza moyo wonse.

Mkombero womwe ukunenedwa pano ndi umene m'kalasi amati seko: mzere wozungulira womwe mbali zake zonse zatalikirana mofanana ndi pakati pake. Mtunda wochokera pakati kufika m'mphepete ndi rediyasi, ndipo mtunda wodutsa pakati kuchokera mphepete ina kufika ina ndi dayamita. Mzere uliwonse woongoka wolumikiza malo awiri a m'mphepete tiutcha chingwe. Uli ngati nsinga ya uta, pomwe mtengo wopindika wa utawo ndiwo kachigawo ka mkombero. Dayamita nayo ndi chingwe, kungoti ndicho chachitali kuposa zonse.

Lamulo lake ndi ili. Zingwe ziwiri zikapingasana m'kati mwa mkombero, chilichonse chimaduka pawiri. Kuchulukitsa zidutswa ziwiri za chingwe choyamba kumapereka nambala yofanana ndendende ndi yomwe imatuluka pochulukitsa zidutswa ziwiri za chingwe chachiwiri. Chingwe chimodzi chikakhala AB, china CD, ndipo pamphambano pake pakhale P, masamu ake amalembedwa motere: PA × PB = PC × PD.

Aliyense amene ali ndi pepala, rula ndi kampasi angathe kudzionera yekha. Ajambule mkombero wa rediyasi ya masentimita 7, kenako aike kadontho P pa mtunda wa masentimita 5 kuchokera pakati. Akajambula dayamita yodutsa pa P, kadonthoko kaidula kukhala zidutswa za masentimita 2 ndi 12, ndipo 2 × 12 ndi 24. Tsopano apendeketse rula, ikhale ikudutsabe pa P, mpaka chidutswa chachifupi chifike masentimita 3. Akayeza mbali inayo apeza 8. Apendeketsenso mpaka chachifupi chikhale 4, chachitali chitsika kufika pa 6. Zingwe zitatuzi n'zosiyana kutalika: china 14, china 11, china 10. Kuphatikiza zidutswa kukupereka mayankho osiyana, koma kuchulukitsa kukubweretsa 24 ulendo uliwonse. Rula ikazungulira mpaka kubwerera pomwe inayambira, 24 uja sasuntha. Amasintha pokhapokha kadontho P kakasamutsidwa.

N'chifukwa chiyani zimatero? Apa mpofunika kufatsa, chifukwa lamulo lomwe munthu sakudziwa gwero lake salikhulupirira pa ntchito. Malekezero a zingwe ziwiri zija alumikizidwe: A ndi C, komanso D ndi B. Patuluka mathirayango awiri ogundana nsonga pa P, ina APC, inayo DPB. Ngodya zawo za pa P n'zofanana, monga zimakhalira mizere iwiri ikapingasana. Ngodya ya pa A ndi ya pa D nazonso n'zofanana, ndipo mphamvu ya mkombero yagona pomwepa: ngodya zonse ziwirizi zili m'mphepete ndipo zapenya kachigawo kamodzi ka mkombero, kochokera pa C kufika pa B. Ngodya za m'mphepete zopenya kachigawo kamodzi zimakhala zofanana nthawi zonse. Mathirayango awiri akafanana ngodya ziwiri ndiye kuti afanananso yachitatu, choncho ndi amaonekedwe amodzi, kungosiyana kukula. Mbali ina ya thirayango yaikulu ikaposa inzake ya yaing'ono kawiri, mbali zotsalazo nazo ziposa kawiri. Zikatero, PA kugawa ndi PD n'chimodzimodzi PC kugawa ndi PB, ndipo kuchulukitsa mopingasa kumabweretsa lamulo lija.

Mgiriki wina, Euclid, yemwe ankaphunzitsa mumzinda wa Alesandriya ku Igupto cha m'ma 300 Yesu asanabadwe, analemba lamuloli m'buku lachitatu mwa mabuku ake 13 a jometiri, pa mfundo ya nambala 35. Iye sanalinene ngati kuchulukitsa manambala. Anati rekitango yomangidwa ndi zidutswa za chingwe choyamba ili ndi malo ofanana ndi rekitango yomangidwa ndi zidutswa za chachiwiri. Kunena kwina, munda wa 2 kwa 12, wa 3 kwa 8 ndi wa 4 kwa 6 ndi wofanana kukula. Sanagwiritsenso ntchito mathirayango ofanana maonekedwe, poti nkhani imeneyo anaisungira buku lachisanu ndi chimodzi. Anadzera njira yaitali ya lamulo la Pythagoras, koma anafika pomwepo.

Chipika cha m'khoma chija ndi lamulo lomweli pamene chingwe chimodzi chili dayamita. Mzere wa sowo ndi chingwe. Dayamita yoima chilili pa chingwecho imachidula pakatikati, 5 uku 5 uku. Nacho chingwecho chimadula dayamita: kachidutswa kapamwamba ndiko kuya kwa sowo, ndipo chidutswa chachikulu ndicho chabisika m'khoma. Poti 5 × 5 ayenera kufanana ndi 1 kuchulukitsa ndi chobisikacho, chobisikacho ndi 25.

Ntchito yeniyeni ya njirayi imaoneka pa chimango. Amene anaonapo tchalitchi cha njerwa cha St Michael and All Angels ku Blantyre, chomwe chinamangidwa pakati pa 1888 ndi 1891, amadziwa kukongola kwa njerwa zoyalidwa mokhota. Ngakhale pa nyumba wamba, eni ake ena amafuna kuti pamwamba pa windo kapena pa khonde pakhale pokhota. Njerwa zotere siziima zokha simenti isanaume. Zimayalidwa pa chikombole cha matabwa chomwe kalipentala amayenera kudula mokhota bwino. Vuto limakhala lakuti mwininyumba satchula rediyasi. Iye amangoti, "Windo ndi lotambalala masentimita 120, ndipo pakati pake pakwere ndi masentimita 20." Kalipentala ayenera kupeza pokhoma msomali wojambulira komanso kutalika kwa chojambuliracho.

Kutambalala kwa windo ndicho chingwe, ndipo theka lake ndi 60. Kuchulukitsa 60 ndi 60 kukupereka 3,600. Kukwera kwa pakati, 20, ndiko kachidutswa kapamwamba ka dayamita. Chidutswa chapansi chikhala 3,600 kugawa ndi 20, yomwe ndi 180. Dayamita yonse ndi 180 kuphatikiza 20, kutanthauza 200, ndipo rediyasi ndi masentimita 100. Popeza nsonga ya pokhotapo ili masentimita 20 pamwamba pa chingwe, pakati pa mkombero pali masentimita 80 pansi pa chingwecho.

Zikadziwika izi, ntchito yotsala ndi ya manja. Kalipentala amagoneka thabwa lake pansi posalala n'kujambulapo mzere wa masentimita 120. Pakati pa mzerewo amaikapo sikweya n'kutsitsa mzere wina woima chilili, ndipo pa masentimita 80 amakhoma msomali. Kenako amatenga kathabwa kopyapyala, n'kuboola timabowo tiwiri totalikirana masentimita 100, kena ka msomali, kena ka pensulo. Kathabwa kamaposa chingwe cha nayiloni pa ntchitoyi chifukwa nayiloni imatamuka ikakokedwa, ndipo mzere umatuluka wamabampu. Asanadule kanthu, pensulo iyenera kugunda malekezero onse awiri a mzere wa 120 uja komanso chizindikiro cha 20 pamwamba. Ikagunda kumodzi n'kuphonya kwina, ndiye kuti msomali sunakhale pakatikati kapena sikweya inapendekeka. Ikaphonya mbali zonse ziwiri mofanana, cholakwika chili m'masamu kapena m'timabowo.

Lamuloli limathanso kuyeza chikombole chodulidwa kale, pena paliponse, osati pakati pokha. Mwachitsanzo, pa mtunda wa masentimita 28 kuchokera pakati, chingwe cha 120 chija chimagawika kukhala 32 ndi 88, ndipo 32 × 88 ndi 2,816. Mzere woima chilili pamenepo uli ndi chidutswa chapamwamba, chomwe ndi kukwera kwa chikombole pamalopo, ndi chapansi, chomwe chimaposa chapamwambacho ndi 160, ndiye kuti 80 uja kawiri. Manambala awiri osiyana ndi 160 omwe amapereka 2,816 ndi 16 ndi 176. Choncho pamalo amenewo chikombole chiyenera kukwera masentimita 16. Tepi ikaonetsa 14, thabwalo ladyedwa mopitirira ndipo njerwa zidzaoneka zophwathalala pamapewa.

Pamene mkombero uli waukulu kwambiri moti pakati pake pali kutali kosafikika, njira imeneyi ndiyo yokhayo yosavuta. Okonza njanji amayeza makona potambasula chingwe pakati pa malo awiri a chitsulo cha njanjiyo n'kuyeza mpata womwe watsala pakatikati. Chingwe chikakhala cha mamita 20 ndipo mpata n'kukhala masentimita 10, ndiye kuti 10 × 10 kugawa ndi 0.1, zomwe zikupereka mamita 1,000. Rediyasi ya konayo ndi pafupifupi mamita 500. Akasuntha chingwe n'kupeza mpata wa masentimita 10 pano, 14 patsogolo, kenako 7, amadziwa kuti njanji yasuntha ndipo ikufunika kuwongola.

Koma njirayi ili ndi pofooka pake, ndipo amene saidziwa bwino imamugwetsa. Nambala yomwe imagawa inzake ndi yaing'ono ija, kukwera kwa pakati, ndipo ndiyo yovuta kuyeza. Pa windo lija, wina akawerenga 19 m'malo mwa 20, rediyasi ituluka 104 m'malo mwa 100. Kumeneko n'kulakwa kopiririka. Tsono taonani phale la mphika wosweka lomwe munthu akufuna kudziwa kukula kwa kukamwa kwake. Chingwe chake ndi masentimita 12 ndipo kukwera kwake ndi sentimita imodzi. Masamu akuti 6 × 6 kugawa ndi 1, kuphatikiza 1: mphikawo unali wa masentimita 37. Koma ngati kukwera kwenikweni kunali 1.2, yankho likutsika kufika pa 31.2. Mamilimita awiri okha, omwe diso lingawaphonye mosavuta, asintha yankho ndi pafupifupi masentimita 6. Mankhwala ake ndi kutenga chingwe chachitali momwe kungathekere, chifukwa chingwe chikatalika kawiri, kukwera kumakula pafupifupi kanayi.

Vuto lachiwiri ndi lakuti lamuloli ndi la mkombero weniweni basi. Mphika woumba ndi manja, mtengo wa m'tchire, ngakhale mgolo womwe unagwapo pa galimoto, kawirikawiri sizikhala zobulungira ndendende. Masamu sakana, amangopereka yankho, koma yankholo limakhala la mkombero womwe kulibe. Pofuna kuzindikira zimenezi, munthu ayeze malo awiri kapena atatu osiyana. Mayankho akagwirizana, chinthucho n'chobulungiradi. Akasiyana kwambiri, njirayi siyoyenera pamenepo. Lamuloli limagwiranso ntchito chobwerera: mizere iwiri ikapingasana ndipo zidutswa zake n'kupereka nambala yofanana pochulukitsa, malekezero ake anayi ali pa mkombero umodzi. Zikhomo zinayi za maziko a nyumba yozungulira zingayesedwe motero ndi tepi yokha.

Mpaka apa, mphambano P yakhala ili m'kati. Nanga ikatulutsidwa kunja? Ikamayandikira mphepete, chidutswa chimodzi cha chingwe chilichonse chimafupika mpaka kutheratu, ndipo nambala ija imatsika kufika pa ziro. Munthu angaganize kuti nkhani yathera pomwepo. Koma P akangodutsa mphepete, lamulo limadzukanso.

Mzere wochokera pa kadontho ka kunja, womwe umaboola mkombero pamalo amodzi n'kukatulukira pena, umatchedwa sekanti. Uli ndi polowera ndi potulukira. Mtunda wochokera pa P kufika polowera ukachulukitsidwa ndi mtunda wochokera pa P yemweyo kufika potulukira, nambala yake imakhala imodzi pa sekanti iliyonse yochokera pa P. Malembedwe ake sasintha ngakhale pang'ono: PA × PB = PC × PD. Umboni wake ndi wa mtundu womwe uja, kungoti mizere yolumikiza imapingasana: polowera pa sekanti yoyamba pamalumikizidwa ndi potulukira pa yachiwiri, ndipo polowera pa yachiwiri ndi potulukira pa yoyamba. Mathirayango awiri omwe amatuluka amagawana ngodya imodzi ya pa P, ndipo ngodya zawo za potulukira zimapenya kachigawo kamodzi ka mkombero, kapafupi kaja.

Chitsanzo chake nachi. Mkombero uli ndi rediyasi 5, ndipo P ali pa mtunda wa 13 kuchokera pakati. Sekanti yodutsa pakati penipeni imalowa pa mtunda wa 8 n'kutuluka pa 18, ndipo 8 × 18 ndi 144. Sekanti ina yopendekeka, yolowa pa mtunda wa 9, iyenera kutuluka pa 16, poti 9 × 16 ndi 144. Gawo lake la m'kati mwa mkombero ndi 16 kuchotsa 9, yomwe ndi 7.

Apa ndi pomwe ophunzira ambiri amataya malikisi. Atazolowera zingwe za m'kati, zomwe zidutswa zake zimagundana pa P, amaona sekanti ngati zidutswa ziwiri, chakunja ndi cham'kati, n'kuzichulukitsa. Pa chitsanzo chomwechi angalembe 8 × 10 pa sekanti yoyamba ndi 9 × 7 pa yachiwiri, n'kupeza 80 ndi 63, zomwe sizifanana. Cholakwika n'chakuti muyezo wachiwiri sunayambire pa P. Mphunzitsi wabwino sapereka malamulo awiri oti aloweze. Amapereka limodzi: tepi iyambire pa P ulendo uliwonse, kaya P ali m'kati kaya ali kunja, ndipo ithere pomwe mzere wakumana ndi mkombero. Funso la mayeso likapereka chidutswa chakunja ndi cham'kati, choyamba n'kuziphatikiza kuti mtunda wonse upezeke, kuchulukitsa kubwere pambuyo.

Sekanti ikapitiriza kupendekeka, polowera ndi potulukira pamayandikirana: 8 ndi 18, kenako 9 ndi 16, kenako 10 ndi 14.4, kenako 11 ndi 13 ndi kakang'ono. Pamapeto pake malo awiriwo amasanduka amodzi, ndipo mzere umangokhudza mkombero osauboola. Umenewo ndi tanjenti. Mitunda iwiri ija tsopano ndi umodzi, choncho kutalika kwa tanjenti kukachulukitsidwa ndi iko komwe kuyenera kupereka 144. Tanjentiyo ndi 12. Wokayika ayese ndi lamulo la Pythagoras: rediyasi ndi tanjenti zimakumana moima chilili, ndipo 5, 12 ndi 13 ndi mbali za thirayango yotere, poti 25 kuphatikiza 144 ndi 169. Iyi ndiyo mfundo 36 ya Euclid m'buku lachitatu lomwe lija, ndipo mfundo 37, yomwe imatseka bukulo, imainena chobwerera. Lamulo la masekanti awiri limachokera pomwepo, chifukwa onse awiri amafanana ndi tanjenti imodzi.

Panapita zaka zoposa 2,000 kuti nambala yosasunthayi ipatsidwe dzina. Anaipatsa ndi Jakob Steiner, mwana wa mlimi wa ku Switzerland, wobadwa mu 1796, yemwe anaphunzira kulemba ali ndi zaka 14 koma anadzakhala pulofesa wa jometiri ku Berlin. Mu 1826 iye anaitcha mphamvu ya kadontho. Mfundo yake ndi yakuti nambalayi si ya zingwe kapena masekanti. Ndi ya kadontho P ndi mkombero basi, ndipo ingapezeke popanda kujambula mzere uliwonse. Mtunda wochokera pa P kufika pakati ukakhala d ndipo rediyasi n'kukhala r, mphamvuyo ndi d² − r². Pa chitsanzo cha kunja chija, 169 kuchotsa 25 ndi 144. Pa cha m'kati, 25 kuchotsa 49 ndi −24. Masiku ano chizindikiro chochotsera chimasungidwa dala, chifukwa chimauza munthu komwe kadontho kali: nambala ikakhala pansi pa ziro kali m'kati, ikakhala ziro kali m'mphepete penipeni, ikaposa ziro kali kunja. Malamulo atatu omwe m'mabuku asukulu amaoneka ngati osiyana, la zingwe, la masekanti ndi la tanjenti, ndi lamulo limodzi, ndipo kuwaphunzitsa padera n'kulemetsa ana katundu wopanda chifukwa.

Mkombero waukulu woyeserapo lamuloli ndi dziko lomwe tikukhalamoli, ndipo malo abwino oonera ndi kunyanja. Munthu woima pa mchenga ku Salima kapena ku Nkhotakota, diso lake ndi kadontho ka kunja kwa mkombero wa dziko. Mzere wochokera m'diso lake kukafika pomwe madzi amaoneka ngati akumana ndi thambo ndi tanjenti. Sekanti yake ndi mzere wotsika kuchokera m'diso, kulowa pansi pa mapazi ake, kudutsa pakati pa dziko mpaka kutulukira mbali ina. Dayamita ya dziko ndi pafupifupi makilomita 12,742. Diso likakhala mamita 1.7 pamwamba pa madzi, polowera pali pa makilomita 0.0017, ndipo potulukira pali pa 12,742 kuphatikiza kakang'onoko. Kuchulukitsa ziwirizi kukupereka pafupifupi 21.7, ndipo nambala yomwe ikachulukitsidwa ndi iyo yomwe imapereka 21.7 ndi pafupifupi 4.7. Malire a maso ake pa madzi ndi makilomita 4.7 okha.

Ambiri amadabwa ndi kuchepa kwa mtunda umenewu. Bwato la msodzi likapitirira pamenepo limayamba kubisika kuyambira pansi, ngakhale kunja kutayera bwanji, ndipo palibe chipangizo choonera patali chomwe chingalibweze, chifukwa chomwe chalitchinga ndi madzi omwewo. Kukwera pamwamba kumathandiza, koma osati mofulumira. Kuti mtunda uwonjezeke kawiri, diso liyenera kukwera kanayi: pa mamita 6.8 munthu amaona makilomita 9.3. Sitima yomwe nsonga yake ili mamita 10 pamwamba pa madzi ili ndi tanjenti yakeyake ya makilomita 11.3, ndipo woima pa mchenga uja ayamba kuona nsongayo ikafika pa mtunda wa 11.3 kuphatikiza 4.7, kutanthauza makilomita 16. Thupi la sitimayo limatulukira pambuyo, ikamayandikira.

Masamu omwewa amafotokoza chifukwa chake kutsidya kwa nyanja kumaoneka mapiri okha, osati gombe. Pomwe Nyanja ya Malawi yatambalala kwambiri pamafika makilomita pafupifupi 75. Kuchotsapo 4.7 kumasiya 70.3. Kuchulukitsa 70.3 ndi iyo yomwe, kenako kugawa ndi 12,742, kumapereka makilomita 0.39. Pa mtunda wotero, chilichonse chakutsidya chomwe sichinakwere mamita pafupifupi 390 pamwamba pa nyanja chimabisika kuseri kwa madzi.

Manambala amenewa amaganiza kuti kuwala kumayenda moongoka ndendende, pomwe mpweya umakupinda pang'ono kutsata kukhota kwa dziko. Pa tsiku wamba zimenezi zimatalikitsa malire a maso ndi gawo limodzi mwa magawo 12 kapena 13, moti 4.7 uja amafika pafupifupi makilomita 5. Kupindako kumasinthanso malinga ndi kusiyana kwa kutentha kwa madzi ndi kwa mpweya wa pamwamba pake. N'chifukwa chake chilumba kapena phiri lakutali limatha kuoneka lotukuka m'mawa wina koma lomira tsiku lotsatira, munthu ataima pamalo amodzimodzi.